Makyubu akalephera: kalembedwe ka lipoti la NCR pa sayiti

Anyamata ndi atsikana amene angoyamba ntchito za zomangamanga kuno ku Salima akhala akundifunsa funso limodzi mobwerezabwereza: zotsatira za makyubu zabwera zotsika, abwana akuti ndilembe NCR, ndiyambire pati? Ndaona kuti ndingolemba kamodzi, aliyense azidziwerengera. NCR ndi lipoti lonena kuti ntchito inayake sinafike pa muyeso umene uli mu mgwirizano. Fomu zake zimasiyana malinga ndi kampani, ndipo zambiri zimakhala m'Chingerezi, koma zonse zimafuna zinthu zitatu: zimene zachitika, chimene chachititsa, ndi chimene chichitike. Malipoti ambiri amene amabwezedwa, vuto lake limakhala loti wolemba wasakaniza zitatuzi m'ndime imodzi.

Kuti tisamalankhule m'malere, tiyerekeze ntchito iyi. Nyumba yosanjikiza ikumangidwa cha ku Khombedza. Pa 14 Okutobala anathira konkire wa nsanamira 14 zapansi, zisanu ndi ziwiri za mzere A m'mawa, zisanu ndi ziwiri za mzere B masana. Nsanamira iliyonse ndi ya mamilimita 300 mbali zonse, yotalika mamita atatu. Mgwirizano ukuti konkire akhale C25, kutanthauza kuti kyubu, kachidutswa ka konkire koumbidwa kuti kakaphwanyidwe ku labu poyesa mphamvu yake, ikafika masiku 28 ipirire 25 MPa. Makyubu anatengedwa kamodzi kokha tsikulo, cha m'ma 2 koloko masana.

1. Imitsani ntchito pamalopo musanagwire cholembera

Zotsatira za masiku asanu ndi awiri zimabwera kuti zikuchenjezeni. Pa simenti wamba, kyubu ya masiku 7 imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake ya masiku 28, ndiye pa C25 mumayembekeza 16 kapena 17 MPa. Mu chitsanzo chathu, pa 21 Okutobala zinabwera 11.5. Pamenepo konkire sanalephere mwalamulo, chifukwa chigamulo chimadikira tsiku la 28, komanso simenti wina wosakaniza amachedwa kukhwima. Koma musalole kuti silabu ithiridwe pamwamba pa nsanamira zimenezo. Lembani m'buku la pa sayiti, dziwitsani injiniya tsiku lomwelo, ndipo pakani penti pa nsanamira zokayikitsazo kuti aliyense aziona. Kugumula nsanamira zoima pazokha ndi ntchito ya masiku ochepa. Kugumula nsanamira zimene zasenza kale silabu ndi mlandu wina.

2. Werengani satifiketi ya ku labu ngati simukuikhulupirira

Musangoyang'ana nambala yomaliza. Onani ngati manambala a makyubu pa satifiketi akufanana ndi a m'kaundula wanu, ngati tsiku lothira ndi lolondola, ndiponso ngati anaphwanyadi pa tsiku la 28, lomwe kwa ife ndi 11 Novembala. Kenako werengerani nokha. Nkhope ya kyubu ya mamilimita 150 ndi masikweya milimita 22,500, ndiye katundu amene makina anaonetsa mumamugawa motere:

```
414 kN × 1000 ÷ 22500 = 18.4 MPa
430 kN × 1000 ÷ 22500 = 19.1 MPa
398 kN × 1000 ÷ 22500 = 17.7 MPa
```

Avereji ndi 18.4. Tsopano onani kutalikirana kwa kyubu yamphamvu kwambiri ndi yofooka kwambiri. Apa ndi 1.4, komwe ndi pafupifupi 8 pa 100 iliyonse ya avereji. Malamulo a BS 5328 yakale komanso EN 206 amati kusiyanaku kukaposa 15 pa 100, zotsatirazo ndi zokayikitsa ndipo sizingodaliridwa popanda kufufuza. Zathu zayenderana bwino, ndipo imeneyi si nkhani yabwino kwa kontilakita, chifukwa makyubu oumbidwa mosasamala nthawi zambiri amabalalika.

3. Pezani ndime yeniyeni imene yaphwanyidwa

NCR yopanda ndime ya mgwirizano ndi dandaulo chabe. Tsegulani chikalata cha miyeso cha ntchito yanuyo, mupeze pamene akunena za kulandira kapena kukana konkire, mukopere nambala ya ndimeyo. Musaganize kuti 24.5 yalephera chifukwa choti sinafike 25. Mapangano otsatira BS 5328 amalola zotsatira za ulendo umodzi wotenga makyubu kutsika ndi 3 MPa, bola avereji ya maulendo anayi otsatizana ipose muyeso ndi 3. Otsatira EN 206 amagwiritsa ntchito 4, ndipo avereji yake ndi ya maulendo atatu. Tiyerekeze kuti wathu ndi wa BS 5328: malire apansi ndi 22, ndipo 18.4 yaperewera ndi 3.6.

4. Lembani zimene zachitika, basi

Gawo ili lisakhale ndi maganizo anu, mayina a anthu oti alangidwe, kapena mawu oti “mwina” ndi “zikuoneka ngati”. Munthu amene sanapondepo pa sayiti aliwerenge n'kutha kukaloza nsanamira zenizenizo. Nachi chitsanzo:

“Makyubu nambala 31, 32 ndi 33, otengedwa pa 14 Okutobala nthawi ya 2 koloko masana pa konkire wa C25 wa nsanamira zapansi A1 mpaka A7 ndi B1 mpaka B7, anaphwanyidwa pa 11 Novembala ali ndi masiku 28. Zotsatira ndi 18.4, 19.1 ndi 17.7 MPa, avereji 18.4 MPa. Mgwirizano umafuna zosachepera 22 MPa pa ulendo umodzi. Konkire wokhudzidwa ndi makyubiki mita 3.8. Silabu ya pamwamba sinathiridwe. Ntchito pamalopa inaimitsidwa pa 21 Okutobala.”

Onani kuti ndalemba nsanamira zonse 14, ngakhale makyubu anatengedwa masana okha. Makyubu amaimira konkire yense amene anathiridwa pansi pa nambala yawo, mpaka mutabweretsa umboni wosiyanitsa. Kapitawo adzakuuzani kuti za m'mawa zinali bwinobwino. Mwina akunena zoona, koma mawu akewo malo ake si m'gawo lino. Phatikizani satifiketi ya ku labu, pepala la kathiridwe ka tsikulo, zotsatira za silampu yoyeza kufewa kwa konkire, ndi chojambula chosonyeza nsanamirazo.

5. Chimene chachititsa

Apa ndi pamene ambiri amathawa. Amalemba kuti “antchito sanasamale” kapena “simenti anali woipa”, n'kupita pa gawo lotsatira. Mawu otere sathandiza aliyense, chifukwa simungakonze “kusasamala”. Ena amathamangira kunena kuti labu yalakwitsa, alibe chilichonse m'manja.

Funso loyamba ndi ili: choipa ndi kyubu kapena ndi konkire? Pafupifupi cholakwika chilichonse poumba, posunga ndi ponyamula makyubu chimatsitsa zotsatira, sichikweza. Choncho n'zotheka ndithu kuti nsanamira zili bwino koma makyubu ndi amene anazunzidwa. Funsani amene anaumba, modekha, ndipo ngati n'kotheka aumbe ina inu mukuona. Kyubu ya 150 imadzazidwa m'magawo atatu a mamilimita 50, gawo lililonse n'kusinjidwa ndi chitsulo chake chosinjira, osati kachidutswa ka waya kotola pansi. BS 1881 yakale inkati kasachepere ka 35 pa gawo. BS EN 12390-2 imati ka 25. Chikombole chikhale chomangidwa bwino ndi mabawuti, chopakidwa mafuta pang'ono, chosatayitsa madzi a simenti m'makona. Ikaumbidwa ikhale pamthunzi, yofunditsidwa, osagwedezedwa, ndipo mawa lake ichotsedwe m'chikombole n'kumizidwa m'madzi.

Kuno kunyanja pali zinthu ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri. China ndi makyubu osiyidwa pa dzuwa la Okutobala pafupi ndi mikisala mpaka madzulo, pamwamba pake patachita kale ming'alu. China ndi theka la mgolo limene amati ndi thanki yosungira makyubu, loikidwa pamtetete, madzi ake ofunda ngati osamba, mwinanso ouma theka chifukwa wina anatunga n'kukasambitsira wilibala. Muyeso umafuna madzi a madigiri 20, kusiyana kwake kusapose awiri. Pa sayiti ya ku Salima zimenezo n'zovuta kuzifikira popanda zida, koma mthunzi ndi madzi odzaza sizifuna ndalama, ndipo kutentha kwa madziwo kuzilembedwa. Onjezani ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Makyubu oyenda pambuyo pa lole osakulungidwa m'masaka onyowa amafika ouma, makona atabenthuka.

Pali umboni umene anthu amauiwala: kulemera kwa kyubu. Kyubu ya 150 ya konkire wabwino imalemera pafupifupi makilogalamu 8.1, chifukwa konkire wamba amalemera makilogalamu 2,400 pa kyubiki mita. Ma labu amayeza kulemera asanaphwanye, ndiye nambalayo ili pa satifiketi. Makyubu athu analemera 7.75, 7.80 ndi 7.70, pamene a fawundeshoni, omwe anakhoza, ankalemera cha m'ma 8.05. Kupepuka kotere kumachokera ku zinthu ziwiri: mpweya wotsalira chifukwa chosasinja bwino, kapena madzi ochuluka. Mukaona kyubuyo mumasiyanitsa. Yosasinjidwa imakhala ndi mabowo ooneka m'mbali. Yamadzi ambiri imakhala yosalala bwino kunja, koma ikaphwanyidwa miyala imatuluka yathunthu, simenti yake n'kumafumbutuka m'zala. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti wina wa pa sayiti azikhalapo pophwanya, ajambule zithunzi, ndipo apemphe zidutswazo. Aonenso kuti kyubu yaikidwa pakati penipeni pa makina, chogonera m'mbali zosalala zimene zinakhudza chikombole osati pa nkhope yosalazidwa ndi chipande, ndiponso kuti yasweka mofanana mbali zonse zinayi. Kusweka mbali imodzi yokha kumaloza ku makina kapena kaikidwe. Kufunsa satifiketi yosonyeza kuti makinawo anayesedwa liti si mwano. Labu iliyonse yolongosoka imakhala nayo.

Mu chitsanzo chathu, makyubu anali osalala, anasweka bwino, anakhala m'madzi pamthunzi, ndipo anaumbidwa ndi munthu yemweyo amene anaumba a fawundeshoni. Ndiye tibwerere ku konkire, tiyende ndi zosakaniza chimodzichimodzi.

Simenti. Kasakanizidwe kovomerezedwa kanali matumba 7 pa kyubiki mita, ndiye makyubiki mita 3.8 amafuna matumba 27. Buku la ku sitolo likuonetsa 27, matumba opanda kanthu amene anawerengedwa madzulo analinso 27. Kuwerenga matumba opanda kanthu n'kofunika, chifukwa thumba lotuluka m'sitolo si nthawi zonse limafika mu mikisala. Onaninso kalasi yolembedwa pa thumba. Ngati kasakanizidwe kanayesedwa ndi 42.5 koma ogula anabweretsa 32.5 poti ndiye anapezeka m'tauni, mwapeza kale chifukwa. Onani tsiku limene anafika ndiponso ngati muli zibuma zolimba, poti chinyezi cha kunyanja sichichedwa kulowa m'matumba osanjidwa pansi popanda matabwa. Kwa ife zonsezi zinali m'malo.

Mchenga ndi kwale. Thirani mchenga m'botolo loonekera, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani, musiye maola atatu. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere kosiyana mtundu, ndipo mumayeza kukhuthala kwake poyerekeza ndi mchengawo. Mchenga wa m'mitsinje yathu umasintha malinga ndi malo amene wakumbidwa. Wa m'mphepete mwa nyanja umakhala wosalala kwambiri ndipo umamwa madzi ambiri kuti konkire atheke kuthira. Wathu unali woyera, wa pamalo omwe aja. Koma pepala lolandirira katundu likuonetsa kuti lole ina inatsitsa mchenga 11 koloko m'mawa wa tsikulo, wongokumbidwa kumene mumtsinje, ukudontha madzi.

Madzi. Apa ndi pamene nkhani inagona. Kasakanizidwe kanalola malita 27 pa thumba la makilogalamu 50, ndiye kuti madzi pogawa ndi simenti ndi 0.54. Malita 27 amenewo ndi madzi onse, kuphatikizapo obwera ndi mchenga. Woyendetsa mikisala analibe choyezera; ankathira ndowa ya malita 20 imodzi ndi theka, omwe ndi malita 30. Thumba lililonse limayenda ndi mchenga pafupifupi makilogalamu 100, ndipo mchenga wonyowa ndi magawo 5 pa 100 umabweretsa malita ena asanu. Tafika pa 35, kapena kuti 0.70, tisanawerenge madzi amene othira ankawaza mu wilibala konkire akayamba kulimba ndi dzuwa. Pepala la silampu likuvomereza: m'mawa mamilimita 80, masana 150, pamene mgwirizano umalola 50 mpaka 100. Munthu analemba 150 ija mokhulupirika, koma palibe anamuuza kuti nambala yotere ikatuluka konkireyo akanidwe.

Tsopano mutha kulemba, ndipo mulembe m'magawo awiri. Chochititsa chapafupi: madzi anachuluka masana, kufika pafupifupi 0.70 m'malo mwa 0.54, umboni ndi silampu ya 150, kupepuka kwa makyubu, ndi mchenga wonyowa wa 11 koloko. Muzu wake: pa mikisala panalibe choyezera madzi, panalibe ndondomeko yochepetsa madzi mchenga ukanyowa, ndipo woyeza silampu sanapatsidwe mphamvu zokana konkire. Lembaninso mwachidule zimene munafufuza n'kupeza kuti sizinalakwike, monga simenti, ukhondo wa mchenga ndi kasungidwe ka makyubu. Injiniya akaona mndandanda umenewo sakufunsaninso mafunso omwewo.

Ngati mwafufuza koma simunapeze umboni wokwanira, lembani kuti chochititsa sichinatsimikizike, ndipo tchulani zimene mukuzikayikira ndi chifukwa chake. Zimenezo n'zovomerezeka. Chosavomerezeka ndi kupeka chifukwa kuti fomu idzaze.

6. Yesani nsanamira zenizenizo

Kyubu imanena za konkire amene anatuluka mu mikisala, osati amene ali m'nsanamira. Yambani ndi hamala yoyezera kulimba, ija imadumpha ikamenya. Imenyeni malo osachepera asanu ndi anayi pa dera limodzi losalazidwa, mutenge nambala yapakati. Koma musalembe nambala za hamala ngati mphamvu ya konkire, poti imangomva khungu lakunja. Ntchito yake ndi kufananiza: mzere A, mzere B, ndi konkire wina wa msinkhu wofanana amene makyubu ake anakhoza. Kwa ife mzere B unatsika moonekeratu.

Chigamulo chimachokera ku makowa, tizidutswa tozungulira tobowoledwa m'nsanamira. Musaboole popanda chilolezo cholembedwa cha injiniya. Iye ndiye asankhe malo, ndipo zitsulo zifufuzidwe kaye ndi chida chake kuti zisadulidwe. Kowa ikhale yaikulu kuposa mwala waukulu wa kwale katatu kapena kupitirira, ndipo yotalika mofanana ndi kukula kwake ndi imene imafananizidwa ndi kyubu. Pewani kumutu kwenikweni kwa nsanamira, chifukwa madzi amakwera m'mwamba pothira ndipo pamenepo pamakhala pofooka nthawi zonse. Gwirizanani muyeso wolandirira makina asanayambe kuboola. Mukadikira zotsatira, aliyense amasankha lamulo lomukomera. Mapangano ena amafuna avereji ya makowa atatu ifike 85 pa 100 ya muyeso, ena 80. Mzere B unapereka 19.0, 20.2 ndi 18.6, avereji 19.3, yosafika ngakhale pa 20, yomwe ndi 80 pa 100 ya 25. Mzere A unapereka avereji ya 25.4. Mabowo atsekedwe ndi simenti yapadera yosanyala, osati matope wamba a pulasitala.

7. Siyanitsani kukonza nsanamira ndi kukonza kagwiridwe ka ntchito

Izi ndi zinthu ziwiri, ndipo fomu yabwino imazipatsa mabokosi awiri. Choyamba chimayankha kuti konkire woipayo titani naye. Njira zake ndi zitatu: kumulandira mmene alili wojambula mapulani atawerengeranso katundu, kulimbitsa povekera nsanamira konkire wina ndi zitsulo, kapena kugumula. Kontilakita amapereka ganizo, injiniya ndiye amagamula, ndipo chigamulocho chikhale cholembedwa. Dziwaninso kuti konkire wamadzi ambiri, ngakhale atakwanitsa kusenza katundu, amalowetsa chinyezi msanga ndipo zitsulo zimachita dzimbiri, choncho kuwerengera katundu kokha sikutseka nkhani. Mu chitsanzo chathu ganizo losavuta ndi kugumula B1 mpaka B7, makyubiki mita 1.9, kusamala zitsulo zochokera m'fawundeshoni, kuzitsuka, n'kuthiranso. Mzere A ulandiridwe potengera makowa.

Chachiwiri chimayankha muzu uja, mfundo ndi mfundo. Mawu oti “tidzasamala kwambiri” kapena “antchito achenjezedwa” musawalembe n'komwe. Lembani zinthu zoti munthu angapite kukaziona ndi maso. Pa mikisala paikidwe ndowa yodulidwa pa muyeso, yoti singathe kunyamula madzi oposa ovomerezeka. Mchenga wongofika kumene ukhale tsiku limodzi ukukha madzi, ndipo chinyezi chake chiyezedwe m'mawa uliwonse wothira poyeza kulemera kwake usanaumitsidwe pa moto ndi pambuyo pake. Silampu iyezedwe pa konkire woyamba kutuluka mu mikisala komanso ola lililonse, ndipo yoposa 100 ikanidwe pomwepo ndi woyezayo popanda kudikira kapitawo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuthira kuyambe m'mamawa, kwale athiridwe madzi kuti azizire n'kusiyidwa akhe, ndipo ngati konkire akulimbabe msanga, apemphe injiniya kuti avomereze mankhwala ofewetsa m'malo mwa madzi. Makyubu atengedwe kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana. Pa mfundo iliyonse lembani udindo wa woichita ndi tsiku lomaliza.

Nkhani ya amene alipire makowa ndi kugumula ili kale mu mgwirizano. Tchulani ndime yake ngati fomu ikufunsa, koma musatsegule mkangano wa ndalama mkati mwa NCR.

8. Musatseke msanga

Tsiku limene nsanamira zatsopano zachotsedwa matabwa, kontilakita adzabwera ndi fomu kuti musaine. Dikirani. NCR imatsekedwa makyubu a konkire watsopanoyo akakhoza pa masiku 28, satifiketi yake itaphatikizidwa, ndiponso wina atapita pa mikisala tsiku lothira n'kuona kuti ndowa yodulidwa ija ikugwiradi ntchito. Ngati pulogalamu ikuthina, injiniya akhoza kulola kuti ntchito ya silabu iyambe potengera zotsatira zabwino za masiku 7, koma chilolezocho chilembedwe padera, chinene kuti kontilakita akupitiriza podziwa kuti zikalephera agumula yekha, ndipo NCR ikhalebe yotsegula m'kaundula mpaka tsiku la 28. Potseka asaine anthu awiri osiyana: wa kontilakita amene wakonza, ndi wa injiniya amene watsimikiza.